Fodya Wako ndi wa Pamphuno: Thumba Lalikulu kapena Kugula Pang'onopang'ono?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mwambiwu unabadwira pa fodya wofwenkha. Munthu amatsina pang'ono m'kabotolo n'kumacheza atamugwira pachala, mphepo n'kubwera kudzamuulutsa mwini wake asanafwenkhe. Ku Kasungu, kumene fodya ndiye amamanga nyumba ndi kulipira sukulu, mwambiwu umamveka msanga. Mlimi aliyense akudziwa kuti mabelo ali m'shedi si ndalama mpaka atagulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ngongole zonse n'kudulidwa. Koma nzeru yomweyi timaiiwala tikafika pa chakudya. Tikaona matumba atasanjikizana pakona ya nyumba, mtima umagwa pansi, timati tapulumutsa ndalama. Komatu thumba lili pakona likadali pachala. Lafika pamphuno ndi lokhalo limene lasanduka nsima m'mbale.

Funso lakuti kugula ufa ndi mpunga wambiri nthawi imodzi kumapulumutsadi ndalama kapena ayi silingayankhidwe pamsika tsiku logula. Limayankhidwa m'Febuluwale, pamene mayi akukutumula thumba lomaliza. Ndiye tiyeni tilondole ulendo wa thumbalo kuchokera pasikelo ya venda mpaka m'poto, tione amene amatapako m'njira.

Chimene chimakopa anthu a kuno kugula zambiri n'chomveka ndithu. Ndalama za fodya zimabwera nyengo imodzi, kuyambira cha m'Epulo pamene misika yatsegulidwa mpaka cha m'Ogasiti. Nyengo yomweyo ndi imene chimanga chimakhala chotsika mtengo, chifukwa aliyense wangokolola ndipo ambiri akugulitsa kuti apeze ya sopo ndi mchere. Ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya ndi ku Chatoloma mavenda amapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu. Mvula ikangoyamba, mtengo umayamba kukwera, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale chimanga chomwe chija chimabwerera kwa anthu omwe aja chitavala mtengo wina. Kuwonjezera apo, ndalama ya kwacha payokha imasungunuka. Inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi ndalama m'thumba la malaya anadzuka ali wosaukirapo, pamene amene anali ndi chimanga m'nyumba sanataye kanthu.

Palinso chikumbumtima cha njala. Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene anakanthidwa kwambiri ndi njala ya 2001 mpaka 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa ndipo m'misika ya Admarc munalibe kanthu. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngoziyo mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kudya mizu ndi gaga. Amene anaona chaka chimenecho sawerengera thumba la chimanga ndi makwacha okha. Kwa iwo ndi tulo tabwino. Maganizo amenewa ndi oyenera ulemu, ndipo palibe chowerengera chimene chingawafafanize. Koma mtendere wa mumtima ndi kupulumutsa ndalama ndi zinthu ziwiri, ndipo n'kwabwino kudziwa chimene tikugula.

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti chimanga ndi ufa sizisungika mofanana. Njere ya chimanga ili ndi chikopa chake chimene chimaiteteza. Ikangogayidwa, chitetezo chija chatha. Ufa umayamwa chinyezi cha mumpweya, umaumbika timibulu, ndipo tizilombo timaswerana momwemo mosavuta. Mgaiwa ndiwo umafulumira kuwonongeka, chifukwa uli ndi kamtima ka njere kamene kali ndi mafuta. Mafutawo akakhalitsa pamalo ofunda amasasa, nsima n'kumamveka kuwawira ndi kafungo kachilendo. M'nyumba ya malata, m'kutentha kwa Okutobala kapena m'chinyezi cha Januwale, mgaiwa wa milungu ingapo umayamba kale kusintha. Ufa woyera umapirira kuposa mgaiwa, popeza kamtima kaja kanachoka pokonola, koma nawonso umadalira kuti unayanikidwa mokwanira. Ufa woyera umene unalowetsedwa m'thumba usanaumitsitse umagwira nkhungu.

N'chifukwa chake munthu amene wagula thumba la makilogalamu 50 a ufa wogayagaya pamene banja lake ndi la anthu awiri kapena atatu, kawirikawiri wagula vuto. Mtengo wa kilogalamu unali wotsika ndithu, koma gawo lomaliza la thumbalo adzalisefa kangapo, mwina n'kulipereka kwa nkhuku. Banja lalikulu limene limamaliza thumba lotero mwezi usanathe lilibe nkhawa imeneyi. Muyeso wake ndi wosavuta: ufa wogula nthawi imodzi usapitirire umene banja lingadye m'mwezi umodzi. Wofuna kusunga chakudya cha miyezi yambiri asunge chimanga, azikagayitsa pang'onopang'ono.

Komanso thumba la chimanga si thumba la ufa. Apa ndi pamene ambiri amasokonezekera poyerekeza mitengo. Makilogalamu 50 a chimanga akagayidwa mgaiwa, pafupifupi onse amabwerera kunyumba. Koma akakonoledwa, mphale n'kuviikidwa, kutsukidwa, kuyanikidwa ndi kugayidwa ufa woyera, chotsala chimakhala makilogalamu 30 kapena kupitirirako pang'ono. China chonse chapita ku madeya ndi m'madzi oviikira. Tiyerekeze kuti thumba lagulidwa pa K40,000, ndipo kukonola ndi kugaya kwadya K6,000. Ufa woyerawo wafika pa K1,500 ndi kanthu pa kilogalamu, osati K800 imene munthu amaiganiza akagawa mtengo wa thumba ndi 50. Atagaya mgaiwa, kilogalamu siifika n'komwe pa K1,000. Choncho banja limene likufunafuna populumutsira ndalama lingapeze zambiri posankha mtundu wa ufa kusiyana ndi posankha kukula kwa thumba. Ndipo madeya asamasiyidwe kuchigayo ngati zinyalala. Ndi chakudya cha nkhumba ndi nkhuku, ndipo amagulitsika.

Tsopano tiwerengere limodzi nkhani ya banja limodzi. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho manambala awa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo a kumsika wa kwawo. Banjali ndi la anthu asanu, limalima fodya kwambiri ndipo chimanga chake cha kumunda chimatha mu Seputembala. Limadya thumba limodzi pamwezi. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi lifunika matumba 6.

Bambo akagula matumba onsewo mu Juni pa K40,000 lililonse, alipira K240,000. Ngolo kapena njinga yonyamulira idya K5,000, matumba osungira ndi mankhwala K15,000. Zonse pamodzi K260,000. Akasankha kumagula mwezi ndi mwezi, apeza thumba pa K50,000 mu Okutobala, K55,000 mu Novembala, K60,000 mu Disembala, K70,000 mu Januwale ndi mu Febuluwale, K65,000 mu Malichi. Zonse pamodzi K370,000. Papepala, kugula nthawi imodzi kwapulumutsa K110,000. Imeneyi si ndalama yochepa.

Koma mphepo sinaombe. Tinene kuti chimanga chinathiridwa mankhwala mochedwa, kapena mankhwalawo anali osukuluka ogula pabenchi. Pofika Disembala mayi akapisa dzanja m'thumba akumva kufunda, pansi pa thumba pali fumbi loyera ngati ufa, ndipo usiku kukakhala zii mukumveka kuthetheka kwa anankafumbwe. Akapeta, njere zambiri ndi zibowo zokhazokha. Zotayika m'matumba onse zikakwana thumba limodzi, banjali liyenera kukagula lina mu Febuluwale pa K70,000. Phindu lija latsika kufika pa K40,000. Kenaka kwagwa maliro kwa achimwene, ndipo mlongo wamasiye wabwera ndi kalichero kawiri konse. Theka la thumba lapita, ndipo kulibwezera ndi K35,000. Chatsala ndi K5,000.

Sindikunena kuti kugawana ndi abale n'kutaya. Mudzi umene anthu sapatsana ufa si mudzi, ndipo wopatsa lero ndi amene adzapemphe mawa. Koma n'zoona kuti matumba ooneka amaitana manja, ndipo munthu sangakane pamene wopemphayo akuwaona ndi maso. Wogula zambiri awerengeretu gawo la abale monga mmene amawerengera la chigayo, kuti lisadzamudzidzimutse.

Chimene chimafafaniziratu phindu lonse ndi ngongole. Munthu akakongola K100,000 ya katapila kuti akwanitse matumba aja, n'kudzabweza K150,000, wataya K50,000 asanatsegule n'komwe thumba loyamba. Ngakhale ya banki m'khonde ili ndi chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi chimene chiyenera kulowa m'chiwerengero. Palinso njira ina yotayira imene sionekera msanga. Ndalama zonse zikamangidwa m'matumba mu Juni, Seputembala amafika ndi fizi ya ana ndi ntchito ya kunazale, kenaka feteleza wa kumunda. Mwana akadwala, bambo amanyamula thumba limodzi kukagulitsa mothamanga pamtengo umene venda wanena, n'kudzaligulanso modula mu Januwale. Ndipo mlimi amene wachepetsa feteleza kuti adzaze nyumba ndi chimanga chogula, wadya zokolola za chaka chamawa.

Tisaiwalenso kuti mtengo sukwera chaka chilichonse. Mu 2017 dziko linakolola zambiri, kutumiza chimanga kunja kunali koletsedwa kwa miyezi yambiri, ndipo mtengo unakhala pansi mpaka nyengo ya mvula. Amene anaunjika matumba chaka chimenecho analipira mankhwala ndi zonyamulira popanda chobwerera. Mu 2024 zinali zosiyana. Ng'amba inawononga mbewu, Pulezidenti Lazarus Chakwera n'kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo amene anagula msanga anapulumuka. Choncho wogula ayambe wayang'ana m'minda ya anzake ndi kumvetsera za zokolola za dziko lonse. Chaka cha zokolola zochepa, gulani msanga ndipo gulani zokwanira. Chaka cha mwanaalirenji, palibe chothamangira.

Nanga mphepo imeneyi tingaitchinge bwanji? Ntchito imayambira pogula. Chimanga cha mu Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi chimakhala chotsika mtengo chifukwa china n'chosauma. Wogula amalipira madzi pasikelo, ndipo madzi omwewo amadzabala chuku, chimene chimawononga chiwindi ngakhale nsima yake itaphikidwa bwino. Njere youma bwino imathetheka ukailuma, siifwanyika. Njira ina ndi ya mchere. Ikani njere zodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, thirani mchere wouma, tsekani n'kukhutchumula kwa kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikufunika kuyanikanso. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba, chifukwa chokongola chimaikidwa pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo muyeso wodalirika ndi sikelo. Ndowa ndi chigoba zimasiyana kukula, zina n'zoponderezedwa pansi, ndipo thumba lotchedwa la 50 limatha kulemera 46.

Posunga pali njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi mankhwala a ufa monga Akiteliki, othira pa chimanga chopetedwa bwino, pamlingo umene walembedwa pabotolo, n'kusakaniza mpaka njere iliyonse itayera. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi, choncho matumba ayenera kumayenderedwa. Mdani woopsa ndi nankafumbwe wamkulu, amene analowa m'dziko muno kudzera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu anasiyira kusunga chimanga chosatonola. Njira yachiwiri ndi matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Pulasitiki iliyonse imamangidwa payokha mpweya utafinyidwa, ndipo tizilombo timafa tokha posowa mpweya popanda mankhwala. Thumba lotere likasamalidwa limagwira ntchito nyengo zingapo, koma khoswe akaliboola kapena likamatsegulidwa kawirikawiri, mphamvu yake yatha. Njira iliyonse imene mwasankha, matumba akhale pamatabwa, asagunde khoma.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ndi mtima wonse, makamaka kuno kumene mankhwala a fodya amapezeka m'nyumba iliyonse. Mankhwala a kunazale kapena a kumunda asathiridwe pa chimanga chodya, ngakhale anankafumbwe atavuta chotani. Mapiritsi ofukizira nawonso asaikidwe m'matumba amene ali m'nyumba yogona anthu, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo. Palibe ndalama yopulumutsidwa imene ingalipire moyo wa mwana.

Nkhani ya mpunga ili ndi khalidwe lake. Ku Kasungu mpunga wambiri ndi wobwera. Faya amachokera ku Nkhotakota, Kilombero ku Karonga, ndipo mtengo wake umatsika akangokolola cha m'Juni ndi Julayi, n'kukwera poyandikira Khirisimasi ndi m'miyezi ya mvula. Mpunga wopuntha, ukakhala wouma ndi wotsekeredwa bwino m'ndowa ya chivundikiro, umakhalitsa kuposa ufa, ngakhale fungo lake lokoma limazilala pakapita miyezi. Pa kusungika kokha, mpunga ndi woyenera kugula wambiri.

Vuto la mpunga lili m'kamwa. Tiyerekeze banja limene limadya makilogalamu 2 pamlungu, Lamulungu ndi tsiku la alendo, pogula pa K3,500 kilogalamu. Pamlungu limawononga K7,000. Bambo agula thumba la makilogalamu 25 pa K75,000, kutanthauza K3,000 kilogalamu. Akadyedwa monga kale, thumbalo likhala milungu 12 ndi theka, ndipo K12,500 yapulumuka. Koma mpunga uli m'nyumba umaphikidwa. Ana amaupempha m'mawa ngati phala, mayi akatopa amauteleka chifukwa sufuna kutakasa, ndipo dzanja lotapa m'thumba lodzaza silinyinyirika. Banjali likayamba kudya makilogalamu 3 pamlungu, likuwononga K9,000 m'malo mwa K7,000. Kilogalamu yatsika mtengo, koma ndalama yotuluka m'nyumba yakwera. Banjalo ladya bwino, ndipo zimenezo si zoipa, koma lisanene kuti lapulumutsa. Mankhwala ake ndi kapu yoyezera ndi masiku odziwika ophika mpunga.

Wogula thumba la mpunga achenjerenso ndi kusakaniza. Kilombero ndi wokwera mtengo, choncho ena amamusakaniza ndi mpunga wamba kapena woswekasweka, wabwino n'kumuika pamwamba. Wogula kilogalamu imodzi akanamizidwa wataya chakudya cha tsiku limodzi, koma wogula thumba wanamizidwa miyezi itatu. Nzeru ndi kugula kaye pang'ono, kukaphika, n'kubwerera kwa wogulitsa yemweyo, ndipo thumba likhuthulidwe mukuona.

Tsono pali anthu amene funso lonseli siliwakhudza mwa kufuna kwawo. Waganyu amene amalandira madzulo amagula kajumbo ka ufa, kaja timati wokumani, chifukwa ndi ndalama imene ali nayo. Kajumbo ka K1,000 kakalemera theka la kilogalamu, iye akulipira K2,000 pa kilogalamu, kuposa mwini esiteti amene anagula matumba mu Juni. Umu ndi mmene umphawi umadulira. Matenanti a m'maesiteti a fodya anaidziwa bwino nkhani imeneyi, popeza chimanga chimene ankalandira kwa bwana mwezi ndi mwezi chinkadulidwa pamapeto pa nyengo pamtengo umene iwo sanaupange. Lamulo la ntchito linathetsa utenanti mu 2021, koma kugula chakudya modula chifukwa chosowa ndalama ya nthawi imodzi kukadalipo. Munthu wotere sayenera kunyozedwa kuti sadziwa kuwerengera. Amawerengera kuposa tonsefe, kungoti alibe poyambira.

Komabe pakati pa kajumbo ndi matumba 6 pali makwerero. Kuchoka pa kajumbo ka tsiku kufika pa chigoba cha chimanga chokagayitsa wekha, ndi phindu kale. Kuchoka pa chigoba kufika pa ndowa, ndi phindu lina. Mutu umodzi susenza denga: mabanja anayi akhoza kusonkherana, kugula thumba limodzi la mpunga kapena la chimanga n'kugawana pasikelo tsiku lomwelo. Aliyense amapeza mtengo wa thumba popanda kusenza nkhawa yosunga, ndipo palibe amene wamanga ndalama zake zonse. Magulu a chipereganyu ndi a banki m'khonde angathandizenso mamembala awo ngati atakonza kuti ndalama zizigawidwa nthawi yokolola, pamene chakudya chili chotsika mtengo.

Chigamulo changa ndi ichi. Kugula zambiri kumapulumutsa ndalama ngati zinthu zinayi zakumana: mwagula nthawi yokolola, mwagula ndi ndalama yanu imene simudzaifuna mwadzidzidzi, muli ndi posungira pouma ndi potetezeka, ndipo banja lanu lidya pamlingo womwe lija limadyera. Chimodzi chikasowa, phindu limachepa. Ziwiri zikasowa, kugula mlungu ndi mlungu kumaposa. Chimanga gulani cha miyezi, ufa gayitsani wa milungu, mpunga gulani wambiri pokhapokha muli ndi mtima woyeza.

Inu bambo ndi inu mayi, ndalama za fodya zisanalowe chaka chino, khalani pansi awirinu ndi kope la mwana. Lembani ufa ndi mpunga umene nyumba yanu imadya pamwezi, mtengo wa kilogalamu mukagula pang'ono ndi mukagula thumba, zolipira kuchigayo, zonyamulira, zosungira ndi gawo la abale. Patulani kaye za feteleza, za sukulu ndi za matenda. Ndalama imene yatsala pamenepo ndiyo ikuuzeni kuchuluka kwa matumba oti mugule.